Insipekita asasiye kufunsa leseni pulani, ndipo ndikuuzeni chomwe amawerengamo

Nkhani ya leseni pulani siitha pakati pathu aphunzitsi. Zikangomveka kuti a PEA, alangizi a maphunziro a ku pulayimale, ayamba kuzungulira mu zoni, kapena galimoto ya oyendera sukulu yaoneka pa sukulu yoyandikana nafe, mu sitafu rumu mumavuta, ena akufufuza sikimu yomwe anaisiya sabata yachitatu, ena akubwereka kope la mnzawo, ndipo mawu amene amamveka kwambiri ndi akuti mapepalawa ndi ongotizunza, bwanayo angolowa m'kalasi aone mmene ndikuphunzitsira basi. Masiku apitawa mkanganowu unabukanso pa msonkhano wathu ku TDC, malo omwe aphunzitsi a mu zoni timakumanirako, mpaka ena kunena poyera kuti leseni pulani ithetsedwe kwa mphunzitsi amene wadutsa zaka khumi pa ntchito. Ine ndikukana. Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndayenderedwapo kangapo, ndakhalanso kumbuyo kwa kalasi kuonerera anzanga nditakhala wachiwiri kwa ahedi, ndipo maganizo anga ndi awa: woyendera sukulu akulondola kufunsa chikonzero cha phunziro asanakhale pansi, chifukwa chomwe iye amafuna m'pepalalo si kukongola kwa malembedwe kapena kuchuluka kwa masamba ayi, amafuna chingwe chimodzi, kuchokera pa zomwe walonjeza kuti ana akhala akutha kuchita, kudutsa pa ntchito yomwe anawo agwire ndi manja awo, kukafika pa mmene iwe udziwire kuti athadi. Chingwecho chikaduka pa pepala, nthawi zambiri chimakhala chaduka kale m'mutu, ndipo amene amalipira ndi mwana.

Poyamba tigwirizane kaye za chomwe chimakhala pa pepalapo, chifukwa ambiri timakangana tisanaonetsetse. Chikonzero cha ku pulayimale, mmene tinaphunzirira ku koleji kuyambira pomwe maphunziro okonzedwanso a ku pulayimale otchedwa PCAR anayamba kulowa m'sukulu mu 2007, pamwamba chimakhala ndi kalasi, tsiku, nthawi, phunziro, luso ndi mutu. Kenako zizindikiro za kakhozedwe, zomwe ambirife timangoti masakisesi kirateriya, zonena zomwe ana akhale akutha kuchita phunziro likamatha. Kenako zipangizo zophunzitsira, zophunzirira ndi zoyesera. Kenako mizati iwiri ija, uku ntchito ya mphunzitsi uku ntchito ya ophunzira, kuyambira chiyambi, masitepe, mpaka mathero, ndipo pansi penipeni pamakhala malo olembapo mmene phunziro layendera. Zapamwambazo insipekita sachedwapo, amangoona ngati tsiku ndi lalero, ngati nthawi ikugwirizana ndi thayimuthebulo ndiponso ngati mutuwo ulidi mu sikimu pa sabata imeneyo, osati sikimu ikunena sabata 6 iwe uli pa za sabata 3 popanda chifukwa cholembedwa. Zimenezo ndi mphindi imodzi. Pomwe amakhazikika ndi pa zizindikiro za kakhozedwe, ndipo chala chake chimachoka pamenepo nkulumphira ku mzati wa ophunzira, kenako ku mathero. Mzati wa mphunzitsi, womwe ife timaudzaza mpaka kusefukira, iye amauwerenga pomaliza. Miyezo ya maphunziro yomwe unduna unatulutsa mu 2015 ilipo 26, ndipo kukonzekera bwino phunziro ndi muyezo umodzi chabe, wa nambala 10, woyandikana ndi ina yokhudza kaphunzitsidwe, kayesedwe ndi kuthandiza mwana aliyense molingana ndi vuto lake. Ndiye pepalalo saliwerenga palokha, amaliwerenga maso ena ali pa ana.

Kuti zimveke bwino ndipereke chitsanzo cha ine mwini, chifukwa ndi tsiku lomwe ndinasintha maganizo. Inali Sitandade 5, masamu, kuphatikiza mafulakishoni okhala ndi nambala yapansi yofanana, ana 96, mphindi 35. Pa zizindikiro za kakhozedwe ndinalemba kuti ophunzira amvetsa kuphatikiza mafulakishoni. Pa zipangizo ndinalemba buku la mphunzitsi, buku la ophunzira, tchati ndi zinthu zopezeka m'dera. Mu mzati wanga munali zambiri, kufotokoza, kulemba pa bolodi, kuonetsa chitsanzo, kufunsa mafunso, pomwe mu mzati wa ana munali mawu atatu obwerezabwereza, kumvetsera, kuyankha, kukopera. Mayi amene anabwera kudzayendera anakhala kumbuyo pa mpando womwe tinatenga ku ofesi, kope langa lili pamiyendo, ndipo phunziro linayenda bwino mmene ine ndinkaonera, ndikafunsa kuti 2/7 kuphatikiza 3/7 ndi chani kalasi yonse imayankha pamodzi kuti 5/7 mpaka malata kulira. Belu litalira anatenga makope asanu ndi limodzi, awiri kutsogolo, awiri pakati, awiri kumbuyo kwenikweni kufupi ndi zenera, nkundiitana pansi pa mtengo. Sanakalipe. Anangoloza liwu loti amvetsa nkundifunsa kuti, aphunzitsi, kumvetsaku ine ndikuona bwanji ndi maso? Kenako anatsegula makope aja, anayi mwa asanu ndi limodziwo pa samu ya 1/5 kuphatikiza 2/5 analemba 3/10. Anaphatikiza zapamwamba, nkuphatikizanso zapansi. Yankho la pamodzi lija linali la ana khumi akutsogolo, enawo ankangotsatira mawu.

Apa ndiye pali phunziro lonse la chomwe oyendera amafuna. Liwu loti amvetsa, adziwa, azindikira, ayamikira, silioneka ndipo siliyesedwa. Chizindikiro cha kakhozedwe chimafuna mneni woti munthu wokhala kumbuyo atha kuona kapena kumva, monga atchula, alemba, ajambula, asiyanitsa, aphatikiza. Ndikanalemba kuti ophunzira aonetsa 2/7 ndi 3/7 pa phesi logawidwa magawo 7, komanso aphatikiza mafulakishoni a nambala yapansi yofanana molondola, pepala lomwelo likanandikakamiza kufunsa kuti nanga aonetsa pa sitepe iti, aphatikiza okha nthawi yanji. Zizindikiro ziwiri, zikachuluka zitatu, ndi zokwanira mphindi 35, ndipo insipekita akaona zisanu ndi chimodzi amadziwiratu kuti zina zangokopedwa mu silabasi ndipo sizifikiridwa. Akatero amatenga chizindikiro choyamba nkuchisaka mu mzati wa ophunzira, chikapezeka amachonga, amatenga chachiwiri chimodzimodzi, ndipo chizindikiro chomwe chilibe ntchito yake ya ana ndi lonjezo lopanda mwini. Zipangizo nazonso amazisaka motero. Ine ndinalemba tchati koma tchaticho sichinatuluke, ndinalemba zinthu zopezeka m'dera osatchula kuti ndi chani. TALULAR, njira yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera, sikutanthauza kulemba mawu amenewo pa pepala, ikutanthauza kunena kuti mapesi a chimanga 48 odindidwa mizere ya makala magawo 7, limodzi pa ana awiri, ndipo agwiritsidwa ntchito pa sitepe yachiwiri.

Mawa lake ndinalembanso phunziro lomwelo, ndipo silinatalike kuposa loyamba, linafupika. Mphindi 5 zoyamba kukumbutsana kuti nambala yapansi imanena kuti chinthu chagawidwa kangati, yapamwamba imanena magawo omwe tatenga. Mphindi 8 ine kuonetsa pa phesi ndi pa bolodi, ndipo ndinalemberatu funso lenileni lomwe ndifunse, loti tatenga magawo awiri, tawonjezera atatu, kodi phesili lasintha kukhala la magawo 14? Mphindi 12 ana awiriawiri ndi phesi lawo, wina kugwira wina kuwerenga nkulemba, kenako kusinthana. Mphindi 6 aliyense payekha masamu atatu, ndipo mphindi 4 zomaliza mathero. Mukaphatikiza zikukwana 35, ndipo oyendera ambiri amaphatikizadi, chifukwa chikonzero chomwe mphindi zake zikukwana 50 chikunena chokha kuti gawo lomaliza, lomwe ndi loyesa ana, ndi lomwe lidzadulidwe belu likalira. Pa kayesedwe ndi pomwe ndinaganiza kwambiri. Kuchonga makope 96 mu mphindi 6 ndiye kuti kope lililonse masekondi osakwana anayi, zosatheka, ndiye kulemba kuti mphunzitsi achonga ntchito ya ophunzira likanakhala bodza. Ndinalemba kuti samu yomaliza aliyense alemba yankho lalikulu kuseri kwa kope nkukweza m'mwamba mzere ndi mzere, ine ndiwerenga amene alemba 10 pansi m'malo mwa 5. Ndinawerenga 21. Pa malo a mmene phunziro layendera ndinalemba nambala imeneyo, nkuwonjezera kuti ambiri ndi a mizere iwiri yakumbuyo ndipo mawa ndiyamba nawo iwowo ndi mapesi enawo akuchita ntchito ya m'buku.

Tsopano tibwere kwa amene akutsutsa, ndipo ndiyambe ndi mfundo yomwe ndimaipatsa ulemu kwambiri. Akuti mphunzitsi wa zaka makumi awiri phunziro lili m'mutu, wadutsamo kambirimbiri, kumufunsa pepala kuli ngati kufunsa mayi wa ana asanu kuti alembe kaphikidwe ka nsima. Zoona zake ndi zoti aphunzitsi akale ambiri amaphunzitsadi bwino kuposa achinyamata a makope okongola, ndawaona, ndipo sindingatsutse. Koma taonani chomwe chili m'mutu mwawomo. Muli mutu wa phunziro, muli zitsanzo, muli nthabwala yomwe imadzutsa ana masana. Chomwe mulibe ndi ana a chaka chino. Nsima ufa wake ndi womwewo chaka ndi chaka, koma Sitandade 5 ya chaka chino si ya chaka chatha, mwina iyi inakhala teremu yonse ku Sitandade 4 opanda mphunzitsi wokhazikika, mwina muli mwana wosamva bwino amene akufunika kukhala kutsogolo mbali yomwe iwe umayima. Ine tsiku lija sindinali wachilendo pa ntchito, mafulakishoni ndinkawadziwa bwino lomwe, ndipo nchifukwa chake sindinaganizeko zoti mwana angaphatikize zapansi, kwa ine zinali zodziwikiratu. Kudziwa kwambiri nkomwe kumakubisira pomwe mwana amapunthwa. Choncho yankho langa ndi loti wakale alembe mwachidule, tsamba theka likwana, koma zitatu zija, zizindikiro, ntchito ya ana ndi kayesedwe, zisasowe, ndipo woyendera wanzeru sadzamufunsa kuti bwanji sunalembe kuti upereka moni kwa ana.

Mfundo yachiwiri ndi ya ntchito, ndipo iyi ndi yowawa chifukwa ndi yoona. Chiyambire sukulu yaulere mu 1994 makalasi athu ndi odzaza, sukulu zambiri zakumudzi mphunzitsi mmodzi amagwira kalasi yonse maphunziro onse, ndiye kuti mapulani asanu ndi awiri kapena kuposa tsiku lililonse, olembedwa pamanja usiku ndi tochi ya foni, utachonga kale mulu wa makope, uli ndi banja, uli ndi munda. Amene akunena kuti zimenezi sizingatheke tsiku ndi tsiku sakunama. Komabe tiyeni tione komwe nthawi imathera tikamalemba. Imathera kujambula mizere ndi rula, kulemba mitu yomweyo kasanu ndi kawiri, ndi kudzaza mzati wa mphunzitsi ndi ziganizo zazitali zomwe palibe amazifuna. Gawo lofunika, loti ana achita chani ndipo ndidziwa bwanji, ndi mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Ndiye ngati tikufuna kumenya nkhondo, timenye yoti chikonzero chifupikitsidwe, yoti pamwamba pazidindidwa kale ife tizingodzaza, yoti aphunzitsi a kalasi imodzi azigawana, wina masamu wina Chichewa, osati yoti chithetsedwe. Ndipo kalasi yaikuluyo ndi yomwe ikufunitsitsa kukonzekera. Ana 25 utha kuwaona nkhope nkudziwa amene watayika. Ana 96 sungathe, kugawa mapesi kokha ukapanda kuganiziratu kuti atsogoleri a mizere ndi omwe atenge, mphindi 10 zapita ndi phokoso.

Mfundo yachitatu imachokera kwa anzathu a makalasi ang'onoang'ono. Chibwerere pulogalamu ya kuwerenga mu 2016, mabuku a mphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi kumeneko amalemberatu phunziro sitepe ndi sitepe, mphunzitsi aonetse, achite pamodzi ndi ana, kenako ana achite okha. Ndiye akufunsa kuti kukopera zomwe zili kale m'buku la ku MIE, bungwe la ku Domasi lokonza mabuku a sukulu, kupita nazo mu kope langa phindu lake nchani? Pamenepa ndikugwirizana nawo theka. Kukopera liwu ndi liwu kulibe phindu, ndipo woyendera amene amakakamiza zimenezo akungotayitsa anthu nthawi. Koma buku linalembedwa ku Domasi, silikudziwa kuti iwe mabuku a ophunzira uli nawo 30 pa ana 110, silikudziwa kuti kalasi yako ili pansi pa mtengo ndipo bolodi ndi laling'ono, silikudziwa kuti dzulo theka la ana linasokoneza b ndi d. Chomwe woyendera amafuna kuona ndi pomwe dzanja lako lakhudza phunzirolo, kuti sitepe yoti aliyense aloze liwu m'buku mwake iwe waisintha bwanji poti mabuku ndi ochepa, mwina walemba mawuwo pa makatoni, mwina wawaika anayianayi. Ndipo pali njira yosavuta yomwe amadziwira kuti munthu wangokopera: zipangizo zotchulidwa m'chikonzero mulibe m'kalasimo, kapena mphunzitsi akuphunzitsa maso ali m'buku, akudabwa nayo sitepe yotsatira ngati akuiona koyamba.

Chachinayi, ena amati pepala limamanga munthu. Akuti ukaona ana asokonezeka nkusiya zomwe unalemba kuti ubwerere m'mbuyo, bwana akulemba kuti sunatsate chikonzero, ndiye bola kungothamanga mpaka ku mathero ngakhale ana atsala. Mantha amenewa ndimawamva ndipo alipodi oyendera ena ouma mtima otero, sindikuwaikira kumbuyo. Koma taganizani bwino, popanda pepala woyendera angadziwe bwanji kuti wasintha dala chifukwa cha ana, osati wangosochera? Pepala lomwelo ndi lomwe limakuteteza. Pokambirana pambuyo pa phunziro umatha kuloza nkunena kuti bwana, apa ndinakonza mphindi 8 koma nditafunsa funso ili ndinaona manja ochepa, ndiye ndinawonjezera chitsanzo china nkuchotsa samu imodzi kumapeto, chizindikiro chachiwiri ndichimaliza mawa. Ameneyo ndi mphunzitsi amene akuona ana ake, ndipo miyezo ija imafuna zimenezo, kuti zomwe wapeza poyesa zisinthe kaphunzitsidwe kako. Cholakwika chenicheni ndi china, kufika pa mathero nthawi yake bwinobwino, kufunsa kuti tamvana eti, ana nkuyankha kuti eee, iwe nkulemba kuti phunziro linayenda bwino. Ine ndinatsata pepala langa loyamba lija mzere ndi mzere osaphonya, ndipo ana anayi mwa asanu ndi mmodzi anatuluka ndi 3/10.

Apa ndiyime pang'ono pa kagawo kapansi kaja, ka mmene phunziro layendera, chifukwa ndi komwe kamaulula zambiri kuposa tsamba lonse. Woyendera wodziwa ntchito sawerenga chikonzero cha lero chokha, amabwerera m'mbuyo masamba khumi kapena kuposa. Akapeza kuti tsiku lililonse palembedwa mawu omwewo, phunziro linayenda bwino ophunzira anatenga nawo mbali, amadziwa kuti palibe chomwe chikuyesedwa, chifukwa palibe kalasi ya ana 96 yomwe zonse zimayenda bwino masiku khumi otsatizana. Akapeza kuti gawolo la phunziro la lero ladzazidwa kale phunziro lisanayambe, ndipo zimachitika ndithu, pamenepo chikhulupiriro chonse chatha. Chomwe amafuna ndi chiganizo chokhala ndi kanthu, angati akwanitsa, alakwitsa pati, nditani. Kenako amatsegula tsamba lotsatira kuona ngati chiyambi cha mawa lake chikuyankha zomwe zinalembedwa dzulo. Ngati Lachiwiri walemba kuti ana 21 akuphatikiza zapansi, koma Lachitatu wayamba kuchotsera mafulakishoni ngati palibe chinachitika, ndiye kuti unalemba kuti pasakhale pobooka basi. Amayang'ananso ma rekodi a mu sikimu ndi makope a ana, masiku agwirizane, chifukwa chikonzero chikhoza kunena kuti Lolemba ana analemba masamu atatu koma m'makope tsiku lomaliza kulemba ndi sabata yatha. Makope a ana sanama.

Mfundo yachisanu ndi yomwe imanenedwa motsitsa mawu, yoti zonsezi ndi sewero. Akuti tonse tikudziwa, mapulani amalembedwa usiku umodzi zikamveka kuti kukubwera alendo, ahedi amasayina mulu wonse m'mawa ndi masiku osiyanasiyana, bwana amawerenga kuchuluka kwake, kuona siginecha ndi chidindo, nkulemba lipoti, aliyense nkubwerera ku zakale. Sindikana kuti zimachitika, ndaziona ndi maso, kope lonse la masabata atatu cholembera chimodzi, inki yofanana, pepala loyera lopanda ngakhale fumbi la choko. Ndipo ndikuvomera kuti woyendera amene amangowerenga kuchuluka ndi siginecha ndi amene amabala khalidwe limeneli, chifukwa anthu amakupatsa chomwe umayeza. Koma ngati vuto ndi loti ena amayeza molakwika, mankhwala ake ndi kuyeza molondola. Sikelo ya pa msika ikamabera anthu sitinena kuti nyemba zizigulitsidwa mongoyerekeza ndi maso, timakonza sikelo. Chikonzero chogwiritsidwa ntchito chimadziwika, chimakhala chofufutidwa apa ndi apo, chili ndi muvi wosuntha sitepe, chili ndi nambala yolembedwa mothamanga m'mphepete, mwina dzina loyamba la mwana woti akhale kutsogolo. Ine nditakhala kumbuyo kwa kalasi ndimakhulupirira chakuda choterocho kuposa choyera cha mizere yowongoka. Ndipo kwa ahedi ndi akulu a magawo ndinene mosabisa, kusayina osawerenga nkumupereka mphunzitsi wanu, chifukwa liwu loti amvetsa lija mukanaligwira inu Lolemba m'mawa mu mphindi ziwiri, mlendo asanabwere.

Palinso china chomwe otsutsa satchula koma oyendera amachifufuza, ndipo ndi chomwe chimandikhudza kwambiri. M'chikonzero amafuna kuona ngati waganizirako ana a kumapeto awiri, amene amamaliza msanga ndi amene amatsalira. Si nkhani yolemba chiganizo chachizolowezi choti mphunzitsi athandiza ophunzira ovutika, chimenecho aliyense amalemba. Ndi kunena kuti amene amaliza masamu atatu apeze mafulakishoni awiri omwe akaphatikizidwa apanga 7/7 nkunena kuti limenelo ndi phesi lathunthu, pomwe amene akuvutika apitirize ndi phesi m'manja osawakakamiza kulisiya. Pa ntchito ya m'magulu amafunsa kuti gulu ndi ana angati ndipo aliyense akuchita chani, chifukwa tinazolowera kulemba kuti ophunzira akambirana m'magulu, gulu lake la ana 15 kuzungulira pepala limodzi, awiri akulemba, ena akuyang'ana panja. Nchifukwa chake ine pa phunziro lija ndinasankha awiriawiri, pa awiri palibe pobisala. Amamvetseranso kuti mafunso akupita kwa ndani, anyamata okhaokha akutsogolo kapena atsikana ndi akumbuyo omwe, ndipo ngati pa pepala palibe funso ngakhale limodzi lolembedwa lofuna kuti mwana afotokoze chifukwa, kawirikawiri m'kalasimo mumangomveka mafunso a eya kapena ayi.

Pali malire ake, ndipo ndiwanene kuti ndisaoneke ngati ndikupembedza pepala. Chikonzero chabwino sichiphunzitsa chokha. Munthu atha kulemba bwino kwambiri nkukalephera kulamulira kalasi, kapena kulakwitsa samu pa bolodi, ndipo woyendera amene angapereke chigamulo chake pa pepala lokha asanaone ana walakwa kwambiri kuposa mphunzitsi amene sanalembe. A PEA makamaka, poti iwo ndi alangizi, ntchito yawo sithera pa kuchonga fomu, amayenera kukhala nawe pansi nkukusiyira chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti ukonze, nkudzabweranso kudzaona. Mlendo wobwera kamodzi pa chaka nkulemba zolakwika khumi ndi zisanu sasintha kanthu. Koma malire amenewa akutiuza mmene pepala liyenera kuwerengedwera, sakutiuza kuti lisafunsidwe. Mu mphindi 35 munthu wachilendo sangadziwe zomwe unafuna kuchita pokhapokha utamuonetsa, ndipo akapanda kudziwa adzakuweruza ndi zooneka, mawu okweza, ana oyimba, manja ambiri m'mwamba, zomwe ndi zinthu zomwe ine ndinali nazo zonse tsiku lomwe ana anga analemba 3/10.

Ndiye ku msonkhano wotsatira ku TDC ine ndikapempha zinthu zitatu ndipo ndikufuna anzanga a mu zoni mundithandize. Chikonzero chikhale cha tsamba limodzi kapena kucheperapo, ndipo a makalasi omwe buku linalemberatu masitepe azingolemba tsamba la bukulo ndi zomwe asintha. Ahedi kapena wamkulu wa gawo aziwerenga mizere itatu yokha asanasayine, zizindikiro, ntchito ya ana ndi kayesedwe, nkubweza ngati sizikulumikizana. Ndipo aliyense wobwera kudzaonerera phunziro, kaya ndi a PEA kaya ndi a ku likulu, asatuluke m'kalasi asanatenge makope a ana a mzere wakumbuyo nkuwaika pambali pa chikonzerocho. Mwa ana 21 aja, Lachisanu la sabata yomweyo anatsala 6, ndipo awiri mwa iwo nditakhala nawo pansi ndinapeza kuti vuto silinali mafulakishoni, bolodi sankaliona bwino kuchokera komwe ankakhala, ndiye ndinawasunthira kutsogolo.